Sopo wa a Kapitawo

Amuna anga ndi munthu amene akalowa m'nyumba ya eni, maso amayambira pansi. Ena akupereka moni, iwo akuona ngati kuseri kwa chitseko kwakolopedwa. Ndawauzapo kangapo kuti tsiku lina adzatitukwanitsa, koma chizolowezi cha zaka zambiri sichichoka ndi pakamwa pa mkazi. Ntchito yawo ndi yokolopa. Anayamba ali mnyamata, tisanakwatirane, pa kampani ina imene imatumiza anthu kukayeretsa maofesi, mabanki ndi masitolo akuluakulu. Mwini banki salemba wokolopa wakewake, amalipira kampani, kampaniyo n'kumatumiza anthu ndi ndowa zawo.

Pamene ankandifunsira, manja awo anali ong'ambika ndi mankhwala a m'zimbudzi, moti amayi anga anandifunsa ngati mnyamatayo amaumba njerwa. Mawondo anada ndi kugwada pa masitepe. Ankadzuka tambala asanalire, chifukwa ofesi imayenera kuuma eni ake asanafike. Sanadandaulepo. Zimene ankadana nazo ndi anthu oponda pamalo ponyowa akuona chikwangwani, ndipo akayamba nkhani imeneyo chakudya chinkazizira m'mbale.

Ana athu ali ku sekondale, anawakweza kukhala kapitawo. Anasiya mopu, anapatsidwa malaya a kolala ndi makiyi a chipinda chosungiramo mankhwala okolopera. Kapitawo wa okolopa ndiye amagawa malo: uyu apite ku banki, uyu ku sitolo, uyu ku nyumba yosungira katundu ya kunja kwa tauni, imene aliyense amaiopa chifukwa kumeneko umakwera mabasi awiri ndi ndalama yako. Ndiyenso amasankha ogwira ovataimu Loweruka ndi opita ku tchuthi. Amuna anga ankanyadira kuti sakondera. Mnyamata wina anawabweretsera tambala kunyumba kuti amuchotse kunja kwa tauni, iwo anamubweza naye, ine ndikuyang'ana ndi mpeni m'maganizo. Sabata yonseyo tinadya nyemba.

Ine ndimasoka. Makina anga amakhala pakhonde, ndipo ndimadziwika ndi mayunifolomu a ana a sukulu. Pa zimene iwo ankalandira ndi zimene ine ndinkapeza, tinkapatula kangachepe mwezi ndi mwezi. Tinagula kamalo, tinakweza zipupa mpaka pamwamba pa mawindo, kenaka mphamvu zinatithera. Nyumbayo inakhala yopanda denga nyengo zingapo za mvula, udzu ukumera m'chipinda chimene tinkati chidzakhala chogona chathu. Ndalama zimene zinali ku banki tinkazitchula ndi dzina limodzi basi: za denga. Kupuma pa ntchito kunali kukuyandikira, ndipo munthu wopuma sangathe lendi.

Nkhani ya sopo inabwera Loweruka lina madzulo. Ku shopu kumene kampani imagula mankhwala, mwini wake ankaphunzitsa anthu kupanga sopo wamadzi wotsukira mbale, malipiro ake ochepa. Amuna anga anakhala nawo pa phunzirolo osandiuza. Anafika pakhomo nkhope ikuwala ngati mwana wopambana mayeso.

"Mayi, ndaipeza," anatero asanakhale n'komwe. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikugwira sopo wa eni. Uyu akhala wathu."

Anandifotokozera zonse mpweya umodzi. Pafunika makina otakasira, migolo ya pulasitiki, mabotolo atsopano, mapepala omata, kachipinda ka lendi, ndi chilolezo cha ku ofesi yoyeza katundu. Ndinawafunsa kuti ndalama zake zichokera kuti, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Tibwereka za denga. Pakutha pa chaka zibwerera ndi ana ake."

"Ndiye ntchito?"

"Zikayenda ndisiya."

Ndinaimitsa makina. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo sindinapagwire. Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma kusiya phanga uli nalo chifukwa cha lina limene sunalione ndi misala yeniyeni. Ndinawakumbutsa madiresi amene ndinasokapo chifukwa anzanga ankati ndi okongola, n'kukhala pa chingwe mpaka kusuluka. Munthu akati chinthu n'chabwino sanagule. Wagula ndi amene wapisa m'thumba.

Sanakwiye. Amuna anga si munthu wouma mutu, amangochedwa kutembenuka. Tinagwirizana zinthu zitatu. Ntchito sasiya. Za denga sitikhudza. Agula mankhwala a ndowa imodzi ndi ndalama ya ovataimu, ndipo tidzaona ngati anthu akugula ndi ndalama, makamaka ngati ogulawo akubweranso kachiwiri. Chachitatuchi ndine ndinachiumirira, chifukwa botolo loyamba munthu amagula ndi chidwi kapena manyazi, lachiwiri amagula chifukwa loyamba latha.

Lolemba lake anakawauza abwana awo, kuti mawa wina asadzanene kuti akuba mankhwala a kampani. Abwanawo anati palibe vuto, bola asagulitse nthawi ya ntchito, asagulitse kwa makasitomala a kampani, ndipo malisiti a mankhwala awo azisunga. Anabwera akuyamikira kuti abwana ndi munthu womva.

Tsiku la Mulungu masana kuseri kwa nyumba kunasanduka fakitale. Anavala magolovesi, anamanga kansalu kumphuno, anathamangitsa nkhuku za aneba. Anasungunula kositiki soda m'madzi, namusiya kuti azizire, chifukwa amatentha yekha ndipo akakudonthera pakhungu umavina. M'ndowa ina anasungunula salifoniki, mankhwala akuda onata amene amachotsa mafuta, n'kumathiramo soda uja pang'onopang'ono uku akutakasa ndi mthiko umene anandilanda osapempha. Ankaviika kapepala koyezera, kuyang'ana mtundu wake, kuthiranso. Kenaka mankhwala a thovu, utoto wobiriwira, fungo la mandimu, ndipo pomaliza mchere woti sopo alimbe.

Pa mcherepo ndi pamene anagwa ulendo woyamba. Ataona kuti akulimba anasangalala, anawonjezera dzanja lina, sopo yense n'kusungunuka kukhala madzi. Anaima ndi mthiko m'manja, kukamwa yasa.

"Ndiwo zimenezi mwaziwawitsa, bambo," ndinatero.

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ndimakumbukira kuseka kumeneko chifukwa pa zaka zonse za ukapitawo sindinawamvepo akuseka choncho. Ndowa yachiwiri inatheka bwino. Anaisiya kuti igone thovu litsike, m'mawa sopo anali biriwiri, wolemera, wonunkhira. Ndinatsukira poto wa mafuta ndipo ndinavomera ndi mtima wonse kuti ndi sopo weniweni. Tinamuthira m'mabotolo a madzi akumwa amene tinatola ndi kutsuka, iwo n'kuwanyamula m'chikwama popita ku ntchito.

Anabwera chikwama chili pepu. Mabotolo onse anatha nthawi ya nkhomaliro, pabwalo la kuseri kwa ofesi pamene okolopa amabweza ndowa. Woyamba kugula anali mdala wotsuka mawindo, mnzawo amene anayamba naye ntchito chaka chimodzi, ndipo enawo anatsatira. Kumapeto kwa mwezi anapanganso ndowa ziwiri, n'kuthanso. Anthu ake anali omwewo, ena akutenga awiriawiri. Panalibe wopempha ngongole. Mayi wina amene onse amamutchula kuti Make Mapasa, wamasiye wolera yekha ana, sankaphonya mwezi.

Ine ndinayamba kufewa. Ndinati tiyese kukweza mtengo pang'ono, tione ngati athawe. Sanathawe ngakhale mmodzi. Apa ndinagonja, ndipo sindibisa, ndinayamba kuwerengera m'mutima za makatani a nyumba yatsopano. Amuna anga anasintha mayendedwe. Ankati akamatakasa n'kumaimba nyimbo za kutchalitchi, ankandiitana kuti ndidzaone mtundu, ankakangana okha za dzina loti adzalembe pa botolo. Anapita kwa wowotcherera zitsulo kukafunsa mtengo wa makina otakasira, anapeza kachipinda kuseri kwa malo ometera, anakatenga ndi mapepala a ku ofesi yoyeza katundu. Zonse pamodzi zinkadya za denga pafupifupi zonse.

Amene anathira madzi pa moto ndi mwana wathu wachisamba. Iye amagwira pa tilu m'sitolo yaikulu, ndipo anatengera pakamwa pa amake. Anabwera kudzationa, bambo ake anamuonetsa mabotolo, iye ananunkhiza, anathira pang'ono pa chala, nati sopo ndi wabwino.

"Koma ababa, amene akugulawo ndi ndani?"

"Anthu a kuntchito."

"Onse?"

"Onse. Ndipo amabweranso. Funsa amayi ako."

"Anthu amene inu mumawagawira malo."

Bambo ake anaika botolo pansi. "Ukutanthauza chiyani? Ine sindinakakamizepo munthu. Ndimangoika pa benchi, wofuna amatenga."

"Sindikuti mumakakamiza. Ine pa tilu ndimaona anthu tsiku lonse. Munthu amanyamula sopo, ayang'ana mtengo, abweza pa shelefu, ndipo sapepesa kwa wina aliyense. Kaikeni wanuyu pamalo pamene munthu angamubweze osapepesa. Akatha kumeneko, ine ndidzakuperekezani ku banki."

Anakhumudwa kwambiri. Mwanayo atapita anandiuza kuti ana a masiku ano amaganiza kuti aliyense ndi wachinyengo, ndipo kuti anthu awo amawadziwa, anakolopa nawo limodzi, anaika nawo maliro a abale awo. Ine ndinati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo denga ladikira zaka, silingafe ndi mwezi umodzi. Anavomera monyinyirika, kuti atitseke pakamwa ine ndi mwana wanga.

Anasankha magolosale atatu kutsidya lina la tauni, kumene palibe amadziwa nkhope yawo. Anagwirizana ndi eni ake kuti asiya mabotolo osalipiritsa, ogulidwa adzagawana phindu, otsala adzawatenga. Loweruka lililonse akaweruka ankakwera basi kukaona. Ulendo woyamba anabwera akuti anthu sanazolowere. Ulendo wachiwiri anati eni magolosale amabisa mabotolo pansi pa shelefu. Wachitatu ndinapita nawo ndekha.

Mabotolo sanali obisika. Pa golosale yoyamba anali pa kauntala penipeni, pafupi ndi machesi, fumbi lili pa zitsekero. Mwini wake, bambo wonenepa wolankhula mosathamanga, anati awiri anagulidwa koma ogulawo sanabwerenso. Anatifotokozera popanda mwano. Anthu osauka a kumeneko amatsukira mbale sopo wa mtanda yemweyo amene amachapira ndi kusambira, sangagule wa mbale payekha. Amene ali ndi kangachepe amagula wa kufakitale amene amamudziwa, chifukwa kusiyana kwa mtengo n'kochepa. Ndipo botolo la madzi akumwa lokhala ndi zobiriwira m'kati limaopsa amayi a ana ang'onoang'ono.

Amuna anga anagwira pa botolopo. Anati vuto ndi chovala, osati sopo. Tinagula mabotolo atsopano ochepa, tinasindikiza mapepala omata pa shopu ya makompyuta, zonse ndi ndalama ya ovataimu. Anaoneka bwino zedi. Koma botolo latsopano ndi pepala zinakweza mtengo mpaka kufanana ndi wa kufakitale, ndipo titati tisakweze, phindu linatsala la basi yokha. Anagulidwa angapo. Wobweranso kachiwiri anali mmodzi, mayi wa lesitilanti, amenenso ankafuna wa m'chigubu pa theka la mtengo.

"Akulu, ndikuuzeni ngati m'bale wanga," anatero wa golosale uja potibwezera otsala. "Sopo wanu alibe vuto. Koma munthu alibe chifukwa chosiyira amene amagula kale."

Tinakwera basi yobwerera. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma tikufika pakhomo amuna anga anaitembenuza. Anati anthu a kutsidya sadziwa sopo, odziwa sopo ndi okolopa, ndipo okolopawo ndi amene akumugula mwezi ndi mwezi. Anati ndi makina mtengo udzatsika, ndipo anthu awo adzauza abale awo, abalewo adzauza ena. Tinakangana koopsa, mpaka aneba anatsitsa wailesi. Ndinawauza mawu olasa, iwonso anandiuza kuti sindinawakhulupirirepo chiyambire. Pamapeto pake ananena chinthu chimene chinandigonjetsa.

"Ndikapuma ndidzakhala ndani? Munthu amene ankakolopa. Ndikufuna ndidzafe ndili ndi kanthu kolembedwa dzina langa."

Ndinalira, ndipo ndinati chitani. Ndalamazo zinali zathu tonse, koma mawondo amene anada pa masitepe anali awo. Anamuuza wowotcherera kuti sabata yotsatira abweretsa ndalama yoyambira.

Sabata yomweyo Make Mapasa anaterereka pa masitepe a ku banki ali ndi ndowa m'manja, n'kuthyoka mwendo pamwamba pa kakolo. Atatuluka m'chipatala, amuna anga anati tikamuone, poti ndi munthu wawo. Tinagula shuga ndi buledi, iwo n'kuwonjezera botolo limodzi la sopo, la pepala lomata lija, kuti kasitomala wawo wokhulupirika akhale woyamba kuliona.

Ankakhala m'chipinda chimodzi, kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi, bafa ndi mpopi zili za onse. Nsalu inagawa chipindacho pakati. Iye anali gone pa bedi, mwendo uli mu pulasitala, atautsamiritsa pa pilo. Atationa anafuna kudzuka, amuna anga anamuletsa. Ankamusamalira ndi mng'ono wake, mtsikana wamkulu ndithu wochokera kwina, amene sankadziwa kuti ife ndife yani kupatula kuti ndife a kuntchito. Tinamupeza akutsuka mbale pakhomo ndi kachidutswa ka sopo wa mtanda, kopyapyala ngati tsamba.

Mtsikanayo anatipatsa mipando, analandira shuga ndi buledi ndi manja awiri. Atalandira botolo anaseka.

"Uyunso? Akulu anga, sopo ameneyu akukutsatani mpaka pa bedi."

Anagwada, nakoka katoni pansi pa bedi kuti aliike pamodzi ndi anzake. Katoniyo inali yodzaza. Mabotolo athu, amene ine ndinatsuka ndi manja anga, anali ndandanda, obiriwira mpaka kukhosi. Limodzi lokha ndi limene linali litatsika pang'ono.

Make Mapasa anaphimba kumaso ndi dzanja.

"Ndi wabwino, a kapitawo," anatero. "Ndimasungira alendo."

"Alendo ake ati?" anatero mng'ono wakeyo, asanazindikire. "Si paja munati ndi wa abwana anu, mukapanda kugula akutumizani kunja kwa tauni? Ine ndimati tigulitseko, koma kuno palibe akumufuna."

Kenaka anayang'ana nkhope ya mkulu wake, anayang'ana malaya a kolala a amuna anga, natuluka panja osatenga n'komwe mbale imene anabwera nayo.

Amuna anga anafunsa motsitsa, ngati akuopa kudzutsa mwana. "Mayi, ine ndinanenapo zimenezo?"

"Ayi, a kapitawo. Simunanenepo."

"Nanga zinachokera kuti?"

Anayamba wakana kulankhula, koma iwo anamupempha, ndipo anafotokoza akuyang'ana kudenga. Mwezi woyamba uja, mnyamata wina wa ku sitolo sanagule, anati alibe ndalama. Sabata yotsatira dzina lake linatuluka pa gulu lopita ku nyumba yosungira katundu. Anthu anangoyang'anana, nkhani n'kumveka yokha.

"Inali nthawi yake," anatero amuna anga. "Aliyense amapitako. Inali nthawi yake basi."

"Mwina inalidi. Koma ife tikanadziwa bwanji? Ine ndikapita kumeneko, ndalama ya basi idya chakudya cha ana. Botolo limodzi pa mwezi n'lotchipa kuposa mabasi awiri tsiku lililonse. Munthu wogawa malo akaika katundu pa benchi, n'kuima pambali akumwetulira, umadutsa bwanji?"

"Ndipo enawo?"

"Ena amatsukira ndithu. Ena amapatsa abale. Mutakweza mtengo tinadandaula patokha, koma tinati bola zimenezo."

Ine ndinkayang'ana katoni ija. Ndinkaona buledi wa ana amasiye amene anasanduka madzi obiriwira pansi pa bedi, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamvepo. Lamulo langa lija, loti tione obweranso kachiwiri, linali litakwanira bwino lomwe, koma ankabwera ndi mantha.

Tikutsanzika, mayiyo anagwira dzanja la amuna anga.

"Musakwiye, a kapitawo. Mwana uja sadziwa kulankhula. Malo anga a ku banki mundisungire mpaka mwendo upole. Ndikabwerako ndizitenga awiri."

Amuna anga anangogwedeza mutu, natuluka atawerama ngakhale chitseko chinali chachitali. Sitinakwere basi. Tinayenda wapansi mtunda wonsewo, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo pa mphambano ya kwa wowotcherera anakhota okha. Ndinawadikira pamsewu. Anakamuuza kuti asayambe kupanga makina aja.

Za denga sizinakhudzidwe. Chaka chomwecho tinakhoma malata, ndipo lero tikugona m'nyumba yathu. Mwana wathu akamafotokozera anzake amati bambo ake anachita mwanzeru, anayesa ndi ndowa asanagule mgolo, anataya ndalama ya ovataimu yokha. N'zoona, ndipo aliyense wondifunsa za bizinesi ndimamuuza zomwezo, n'kuwonjezera kuti akayesere kwa anthu amene sakumuopa ndiponso sakumukonda. Koma anthu akamati tinapulumuka, ine mtima umandipweteka, chifukwa ndikudziwa chimene amuna anga anasiya m'chipinda chija.

Lolemba lotsatira ulendo wa kwa Make Mapasa uja anapita ku ntchito opanda chikwama. Anabwera dzuwa likadalipo, anakhala pa mpando wa pakhonde pafupi ndi makina anga, nsapato osavula. Ndinawapatsa madzi, anangowagwira. Ndinasiya kusoka, ndipo anandifotokozera okha.

Anasonkhanitsa anthu awo onse pabwalo la kuseri, asanabalalike kupita ku malo awo. Anawauza kuti sopo watha, sadzabweranso. Anawauza kuti kugawa malo sikunayenderepo botolo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mndandanda wa opita kunja kwa tauni uzikhala pakhoma miyezi isanafike, aliyense aziona nthawi yake. Anapepesa. Anati amene ali ndi mabotolo osatsegula abweretse, adzawabwezera ndalama zawo.

"Ndiye anati chiyani?" ndinafunsa.

"Onse maso pansi. Za kubweza ndalamazo anakana, akuti sopo anatha kalekale, anali wabwino kwambiri."

Anatembenuza kapu m'manja. Anati anthu atayamba kunyamula ndowa zawo, mdala wotsuka mawindo uja anatsalira. Ameneyo anagwirapo nawo makwerero, anadyera nawo mbale imodzi ali anyamata, ndipo pa ukwati wathu ndiye ananyamula mipando. Amuna anga anaganiza kuti watsalira kuti awapepese, kapena awaseke monga ankachitira kale. Mdalayo anayandikira, anavula chipewa, nayang'ana uku ndi uku.

"Anandifunsa monong'ona," anatero amuna anga. "Akuti, a kapitawo, anzanga andituma. Akuti tamva kuti sopo watha. Ndiye tsopano muzigulitsa chiyani, kuti tikonzekeretu?"

Ndinafuna kutukwana mdalayo, ndinafuna kutukwana kampani, koma panalibe womutukwana. Amuna anga anaika kapu pansi, madzi osamwa, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anachedwa nazo kwambiri, ndipo ine ndinalowa m'nyumba kuti asaone kuti ndaona misozi yawo.